Belu la mtengo wa khofi: malire ake muwatenge m'buku lanu la malonda

Funso lochokera kwa mayi wina wa ku Mbare: "Ndimakazinga khofi ndi kugulitsa m'mapaketi kumashopu ndi kumaofesi a m'tauni. Khofi wosakazinga ndimagula matumba asanu pa miyezi iwiri iliyonse. Ndimamva zoti mtengo unatsika zinthu zitatha kale. Ndingatani kuti foni izindiuza mtengo ukafika pamene ndikufuna? Mchimwene wanga amasula mphete, akufunsa zomwezo za golide."

Mayi, kutchera belu pafoni n'kosavuta, ndipo tifikako. Chovuta ndi nambala imene mulembe m'belumo. Ambiri amayang'ana tchati, n'kuona kuti mtengo uli pa 350, n'kulemba 300 chifukwa ndi nambala yooneka bwino. Belu lotero likalira munthu sadziwa chochita, chifukwa 300 yo sinachokere pa ndalama zake. Choncho tiyambire pa mtengo umene foni imaona, kenako tiubweze mpaka ufike pa thumba lanu.

Khofi wolimidwa ku Chipinge, ku Honde ndi ku Vumba ndi wa mtundu wa arabika. Mtengo wa arabika umene dziko lonse limayang'ana ndi wa pamsika wa ICE ku New York, ndipo pazenera mudzauona ndi zilembo `KC`. Pa pulogalamu yoonera mitengo ya TradingView umalembedwa `KC1!`, pa Yahoo Finance `KC=F`. Nambala imene ikuonekayo si madola pa kilogalamu. Ndi masenti a dola ya Amereka pa paundi imodzi ya kulemera, ndipo kilogalamu imodzi ili ndi mapaundi 2.2046. Mukaona 350, ndiye kuti paundi ikugulidwa $3.50, kilogalamu $7.72. Samalani kuti musatsate robusita, amene amagulitsidwa ku London ndipo mtengo wake umalembedwa m'madola pa tani. Mukaona nambala ya masauzande, mwatsegula khofi wina.

Sungani m'mutu kawerengedwe kamodzi aka: mtengo wa ku New York ukasuntha ndi masenti 10, kilogalamu yanu yasuntha ndi masenti 22, ndipo thumba la makilogalamu 60 lasuntha ndi madola 13 ndi timasenti. Pa matumba anu asanu ndi madola 66. Izi zikuthandizani kuona msanga ngati nkhani ndi yoyenera kuimbira munthu foni kapena ayi.

Musanatchere chilichonse, yesani kaye ngati wokugulitsani amatsatadi New York. Tengani malisiti anu atatu kapena anayi apitawa. Pa lisiti iliyonse gawani mtengo wa kilogalamu ndi 2.2046, kenako yang'anani kuti tsiku limenelo msika unatseka pa zingati. Tinene kuti munalipira $9.00 pa kilogalamu tsiku limene New York inali pa 360. Madola 9 amenewo ndi masenti 408 pa paundi, kusonyeza kuti wogulitsayo anaika masenti 48 pamwamba pa mtengo wa msika. Ndalama yapamwambayi ndi ya ubwino wa khofiyo, kusankha, matumba ndi phindu lake. Ngati pa malisiti onse ikuzungulira pa 45, 48, 52, wogulitsa wanu amatsata msika ndipo belu likuthandizani. Koma ngati ikudumpha, lero 20 mawa 110, ndiye kuti iye amaika mtengo umodzi pa nyengo yokolola n'kukhala nawo, New York ikwere kapena itsike. Pamenepo belu silingakuuzeni tsiku logula. Lingangokupatsani mawu okambirana naye, ndi kukuchenjezani kuti nyengo yotsatira mtengo udzasintha. Ndikuona kuti ndi bwino kudziwa zimenezi lero, kusiyana ndi kutha miyezi mukudabwa kuti bwanji msika watsika koma thumba silinatsike.

Tsopano malire a pamwamba, pamene khofi wayamba kudya phindu lanu. Manambala otsatirawa ndi achitsanzo, inu muikemo anu. Tinene kuti paketi ya magalamu 250 mumagulitsa $6, ndiye kuti kilogalamu ya khofi wokazinga imabweretsa $24. Mapaketi, gasi, lendi, wantchito ndi mayendedwe okaperekera zimatenga $7. Mukufuna kutsala ndi $5. Zotsalira khofi weniweni ndi $12 pa kilogalamu yokazinga. Koma khofi amapepuka pamoto, chifukwa madzi amatuluka. Nthawi zambiri amataya pakati pa 15 ndi 20 peresenti, malinga ndi mmene mwamupsetsera. Pimani wanu musanakazinge ndi pambuyo pake, musatengere za wina. Tikati amataya 16 peresenti, kilogalamu yosakazinga imatulutsa magalamu 840, choncho $12 kuchulukitsa ndi 0.84 ndi $10.08. Umenewu ndi mtengo wotsiriza umene mungalipire khofi atafika pakhomo panu. Chotsanipo mayendedwe ochokera ku Manicaland ndi zodulidwa potumiza ndalama, tinene masenti 40, mutsala ndi $9.68 yopita kwa wogulitsa. Gawani ndi 2.2046, mupeza masenti 439 pa paundi. Chotsani ndalama yapamwamba ija, tiizungulize pa 50, ndipo mwafika pa 389.

Nambala ya 389 ndi yanuyanu. New York ikapitirira pamenepo, paketi ya $6 sikukupatsaninso $5 ija. Komabe belu musaliike pa 389 penipeni, chifukwa likalira pamenepo mwachedwa kale. Liikeni cha m'ma 375, kuti mukhale ndi masiku ofunsa mtengo, kugula msanga ngati mungathe, kapena kuuza eni mashopu kuti mwezi wamawa paketi ikwera. Musaganize kuti nambala zoterezi sizifikidwa. Mu Febuluwale 2025 arabika anadutsa masenti 400 koyamba, ndipo mu Julaye 2021 chisanu chitawononga minda ku Brazil mtengo unalumpha kwambiri m'masiku ochepa chabe.

Malire a pansi ndi amene amanyenga anthu. Munthu amaganiza kuti kutsika kulikonse ndi mwayi, kuiwala kuti kugula matumba ena asanu pasadakhale kumamanga ndalama. Tinene kuti msika uli pa 350, kilogalamu yanu imatuluka $8.82, ndipo makilogalamu 300 ndi madola pafupifupi 2,650. Ngati ndalamazo ndi za ngongole kapena za chipereganyu zimene zikanagwira ntchito ina, zili ndi mtengo wake. Tinene 3 peresenti pa mwezi, ndipo khofiyo akhala miyezi iwiri asanakazingidwe, yonse pamodzi 6 peresenti. Tiyese tsopano. Msika ukatsika kufika pa 320, kilogalamu ili pa $8.16, mwapulumutsa madola 198 pa matumba asanu, koma kumanga ndalamako kwakudyerani madola 147. Mwatsala ndi madola pafupifupi 50, ndipo ngakhale amenewo mumawapeza pokhapokha mtengo ukabwereranso kumwamba. Ukafika pa 310, kilogalamu ili pa $7.94, mwapulumutsa madola 265, zodyedwa ndi 143, mwatsala ndi madola opitirira 120. Apa ndiye pali chifukwa chodzukira. Belu la pansi likhale pa 310.

Ndiwonjezepo kuti khofi wosakazinga si chimanga choti n'kungounjika. Amafuna malo ouma, pamwamba pa matabwa, kutali ndi khoma, ndi kutali ndi parafini kapena sopo chifukwa amakoka fungo. M'miyezi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, thumba losungidwa m'chipinda chachinyezi limatha kuchita nkhungu, ndipo madola 120 aja amathera pomwepo. Ngati malo otere mulibe, belu la pansi lingokuthandizani kusuntha tsiku logula ndi sabata imodzi kapena ziwiri, osati kuwirikiza katundu.

Mukakhala ndi manambala awiriwa, tsegulani pulogalamu ngati TradingView kapena Investing.com, pezani khofi wa arabika, dinani chizindikiro cha belu kapena cha wotchi. Pa TradingView, belu la pansi musankhe `Crossing Down` n'kulemba 310, la pamwamba `Crossing Up` n'kulemba 375. Musasankhe `Crossing` yokha, chifukwa imeneyo imalira mtengo ukadutsa kuchokera mbali iliyonse, ndiye mudzalandira uthenga wa 310 pamene mtengo ukukwera, mwayi utapita. M'bokosi la uthenga musasiye mawu amene pulogalamu yalemba yokha. Lembani zochita, mwachitsanzo: "310, kilo isapitirire $7.95, imbani ku Chipinge, matumba 5." Patatha milungu isanu ndi umodzi belu likalira muli pakati pokazinga, simudzakumbukira masamu a lero.

Vuto loyamba limene mudzakumana nalo ndi belu lolira mobwerezabwereza. Mtengo sudutsa malire kamodzi n'kupita. Umafika, n'kubwerera, n'kufikanso. Khofi kusuntha ndi 2 kapena 3 peresenti pa tsiku si zachilendo, ndipo pa 350 amenewo ndi masenti 7 mpaka 10. Taonani masiku asanu ndi limodzi otsatizana msika ukutseka pa 316, 309, 312, 308, 313, 307. Belu loikidwa kuti lizilira nthawi iliyonse lilira katatu, pa 309, pa 308 ndi pa 307, ndipo likamawerenga za mkati mwa tsiku lingalire kakhumi. Palibe chatsopano chimene likunena pambuyo pa kulira koyamba. Choopsa chake n'chakuti munthu amatopa, n'kuzimitsa mauthenga a pulogalamu yonse, kenako tsiku limene mtengo wadutsa 375 foni ili zii.

Mankhwala ake ndi kuchita ngati msampha wa mbewa: ukafwamphuka umakhala choncho mpaka mwini autcherenso. Sankhani `Only Once` kuti belu lilire kamodzi n'kuzima. Pomwepo tcherani belu lina laling'ono pa 325, `Crossing Up`, lolembedwa kuti "tcheraninso 310". Mtengo ukapanda kukwera kufika pa 325, belu la 310 likhale chogona. Mpata wa masenti 15 umenewu sunangosankhidwa. Uyenera kuposa kusuntha kwa tsiku limodzi. Kuti mupeze wanu, tengani masiku 20 apitawa, pa tsiku lililonse chotsani mtengo wotsikitsitsa pa wokwereratu, pezani pakatikati pake, ndipo mpata wanu ukhale kamodzi ndi theka ka nambala imeneyo. Pakatikati pakakhala 10, mpata ndi 15. Belu la pamwamba lichitidwe chimodzimodzi: likalira pa 375, lidikire mtengo utsike kufika pa 360.

Nanga mtengo ukapitirira kutsika belu litazima? Ikani lachiwiri pansi pake, tinene pa 290, ndipo mugawe ndalama zanu. Matumba atatu pa 310, awiri pa 290. Palibe munthu amadziwa pamene mtengo udzaimire, ndipo amene akukulonjezani kuti akudziwa musamupatse ndalama.

Chachiwiri ndi nthawi. Msika wa khofi ku New York umatsegula 4:15 m'mawa n'kutseka 1:30 masana pa nthawi ya kumeneko. Kuno ku Harare ndi kuyambira 10:15 m'mawa mpaka 7:30 madzulo kuchokera pakati pa Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndipo miyezi inayo zonse zimachedwa ndi ola limodzi chifukwa iwo amasuntha mawotchi. Loweruka ndi Lamlungu kulibe msika. Mkati mwa maola amenewa mtengo utha kugwa mpaka 308 masana n'kutseka pa 318. Wokugulitsani sadzakupatsani mtengo wa mphindi khumi zimenezo. Amene amatsata msika amayang'ana pamene watsekera dzulo. Ndiye ngati pulogalamu yanu ili ndi `Once Per Bar Close`, isankheni muli pa tchati cha tsiku, cholembedwa `1D`. Ngati palibe, belu la masana mulitenge ngati kugogoda chabe, mudikire usiku muone pamene msika watsekera, foni muimbe m'mawa. Pachifukwa chomwechi, musalipire ndalama kuti muziona mtengo wa pompopompo. Mitengo yaulere imachedwa ndi mphindi zingapo, ndipo kwa munthu wogula matumba asanu kuchedwa kumeneko sikusintha kanthu.

Amene amakonda kulemba yekha angachite zonsezi pa Google Sheets kapena Excel popanda belu n'komwe. Mu `A` lembani tsiku, mu `B` mtengo wotsekera, mu `C2` mawu akuti `WOTCHERA`. Kenako mu `C3` ndi mu `D3` ikani izi, n'kuzikokera pansi:

```
=IF(B3="",C2,IF(B3<=310,"WALIRA",IF(B3>=325,"WOTCHERA",C2)))
=IF(AND(C2="WOTCHERA",C3="WALIRA"),"IMBANI","")
```

Mukalowetsa mitengo isanu ndi umodzi ija, mawu akuti `IMBANI` atuluka kamodzi kokha, pa 309. Ubwino wina wa tsamba lotere ndi woti pakatha miyezi mumakhala ndi mbiri yoyerekezera ndi malisiti anu.

Chachitatu chimapusitsa ngakhale anthu ozolowera. Pamsika uja sipagulitsidwa khofi wa mtengo umodzi. Pali mapangano ogulitsana khofi woti adzaperekedwe mu umodzi mwa miyezi isanu iyi: Malichi, Meyi, Julaye, Sepitembala ndi Disembala, ndipo zilembo zake pazenera ndi `H`, `K`, `N`, `U`, `Z`. Mwezi uliwonse uli ndi mtengo wakewake. Chizindikiro ngati `KC1!` chimaonetsa mwezi wapafupi, ndipo nthawi yake ikakwana chimadumphira pa wotsatira. Khofi akasowa pamsika, mwezi wapafupi umadula kuposa wakutsogolo. Tinene kuti Disembala ali pa 322, Malichi pa 306. Tsiku limene tchati chadumpha, mzere umagwa ndi masenti 16 ndipo belu lanu la 310 limalira, chonsecho palibe khofi amene watsika mtengo. Mungazindikire poona kuti kugwako kwachitika kumapeto kwa pangano, ndipo mukatsegula mwezi uliwonse pawokha mupeza kuti yonse iwiri sinasunthe kwenikweni. Amalonda ambiri amakhala atasamukira ku mwezi wotsatira lisanafike tsiku loyamba lodziwitsa za kupereka katundu, limene limabwera masiku asanu ndi awiri a ntchito mwezi wa panganolo usanayambe. Kwa Disembala ndi cha m'ma 20 Novembala. Choncho funsani wokugulitsani kuti mtengo wake amautengera pa mwezi uti, ndipo belu mulitchere pa mwezi womwewo, monga `KCH2026` pa TradingView, umene ndi Malichi wa 2026. Lembani pakalendala pakati pa Febuluwale, Epulo, Juni, Ogasiti ndi Novembala kuti musamutse mabelu anu. Posamutsa, yang'ananinso ndalama yapamwamba ija, chifukwa 50 wa pa Disembala sakhala 50 pa Malichi.

Chachinayi ndi belu losalira, ndipo kuno kwathu ili ndiye vuto lofala. Mabelu a mapulogalamuwa amadikirira pa makompyuta a kampani, osati m'foni mwanu, choncho magetsi akathima kapena foni ikazima belu limaliratu kumeneko, uthenga n'kudikira intaneti. Ambiri timagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndipo uthenga wa pulogalamu ina sudutsa pa bandulo yotero. Mumauona patatha masiku atatu mutalumikiza pa intaneti ya kuofesi ya kasitomala. Mafoni ambiri a Android amagonekanso mapulogalamu pofuna kusunga batire, ndiye lowani m'makonzedwe a batire muchotse pulogalamuyo pa zogonekedwa. Chongani kuti uthenga uzibweranso pa imelo, kuti ukasowa kwina upezeke kwina. Mabelu aulere amakhalanso ndi tsiku lothera, ndipo likakwana amazima mwakachetechete. Njira yodziwira kuti zonse zili moyo ndi iyi: Lolemba lililonse masana tcherani belu loyesera senti imodzi kuchokera pa mtengo wa nthawiyo. Likapanda kulira pofika madzulo, china chafa, chifufuzeni tsiku lomwelo. Foni yachete sikutanthauza kuti mtengo sunasunthe.

Ngati wokugulitsani amafuna ZiG kapena randi, pali nambala yachiwiri yoti muziyang'ana, chifukwa New York itha kutsika ndi 3 peresenti pamene ndalama yasuntha ndi 5. Masamu onse achiteni m'madola, kusintha kubwere pomaliza, pa mtengo umene inu mungasinthiredi tsiku limenelo.

Za achimwene anu, kachitidwe ndi komweko koma miyeso ndi ina. Golide pazenera ndi `XAUUSD`, madola pa aunsi, ndipo aunsi ya golide ndi magalamu 31.1035, osati 28.35 ya zinthu zakukhitchini. Pa mtengo wa $3,000, galamu ndi $96.45. Wogawa ndi 28.35 amapeza $105.82, ndipo walipira pafupifupi 10 peresenti mopitirira asanayambe n'kusula komwe. Mtengo umenewo ndi wa golide woyera. Wa makarati 18 ali ndi magawo 0.75 a golide, choncho galamu yake ndi $72.34, ndipo wa makarati 9 ali ndi 0.375. Golide amagulitsidwa usana ndi usiku mkati mwa sabata, ndiye belu la pompopompo lingawadzutse pakati pa usiku popanda chifukwa. Ndi bwino atsate mtengo wa LBMA, umene umaikidwa ku London kawiri pa tsiku, 10:30 m'mawa ndi 3 koloko masana pa nthawi ya kumeneko, kapena mtengo wotsekera wa tsiku. Mpata wotchereranso auyeze m'maperesenti, pogwiritsa ntchito masiku 20 aja. Akumbukirenso kuti m'Zimbabwe golide wosasula ali pansi pa lamulo lokhwima: wokumbidwa amayenera kupita ku Fidelity Gold Refinery, ndipo kupezeka naye kapena kumugula popanda chilolezo ndi mlandu wa ndende. Belu lawo alitchere pa golide amene ali ndi mapepala omugulira, ndipo ayerekeze mtengo wa London ndi umene malo ololedwawo akuwalipiritsa pa galamu, monga mmene inu mwachitira ndi malisiti a khofi.

Belu lanu la 310 likalira ndipo msika watsekadi pansi pake, m'mawa mwake imbani musanatchule nambala yanu. Funsani mtengo wa lero, ugaweni ndi 2.2046, chotsani mtengo wotsekera wa dzulo. Ngati yapamwamba ikadali cha m'ma 50, gulani matumba amene munakonza. Ngati yakwera kufika pa 85, wogulitsayo akadali ndi khofi amene anamugula modula ndipo sanatsitse. Muuzeni mwaulemu kuti pa malisiti atatu apitawa kusiyana kunali 48, ndipo mufunse ngati angakumane nanu pakati, kapena ngati katundu wotsatira adzabwere pa mtengo watsopano ndi liti. Akakana zonse, funsani wogulitsa wachiwiri tsiku lomwelo, ndipo mupemphe kachitsanzo ka magalamu 300 kuti mukazinge ndi kulawa musanatumize ndalama.